Kalata ya Msungichuma: Julaye mpaka Seputembala

Ngabu, Chikwawa
3 Okutobala

Okondedwa amayi ndi abambo a gulu lathu la banki mkhonde,

Ndakupatsani moni nonse 24. Monga mwa pangano lathu, nayi ndondomeko ya mmene ndalama zayendera miyezi itatuyi.

Pa 1 Julaye tinali ndi K1,860,000. Masheya omwe mwaponya akwana K720,000, ndipo phindu lonse ndi K415,000. Chuma cha gulu tsopano chili pa K2,995,000.

Chatinyamula ndi ngongole. Chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pamwezi chabweretsa K390,000. Abweza bwino kwambiri ndi olima kudimba, makamaka a mbatata ndi nyemba, komanso amayi opikula nsomba ku Bangula. Awiri adumphitsa mwezi, ndipo ali ndi ngongole ya K140,000. Sindiwatchula muno, akudzidziwa, koma bokosi lisanatsegulidwe Lachinayi adzaonane ndi a wapampando.

Mbuzi zija tinagula 10 pa K45,000 imodzi. Imodzi inafa mu Ogasiti. Poitumbula tinapeza majumbo okhaokha m'mimba. Zisanu ndi zinayi zotsalazo tagulitsa pamsika wa Ngabu pa K62,000 imodzi. Kuchotsa K25,000 ya mankhwala ndi ya mnyamata woweta, tapindula K83,000.

Pa chitowe ndiye tapsa, ndipo mlanduwo ndi wanga, chifukwa ndine ndinakakamira kuti tigule. Tinatenga matumba anayi, makilogalamu 200, pa K2,000 pa kilogalamu, poyembekeza kuti mtengo ukwera. Koma tinalowa mochedwa, ogula akuluakulu atayamba kale kupakira masikelo awo. Mavenda otsala anatipatsa K1,800. Popepetanso tinachotsamo mchenga ndi zinyalala, sikelo nkuwerenga 190. Ndinauza mnyamata ayezenso kachiwiri, koma zinali zomwezo. Tataya K58,000. Pepani ndithu.

Maganizo anga ndi oti zosunga mbewu tizisiye kaye. Ndalama yomweyo ikanakhala m'manja mwa mamembala ikanabereka K40,000 mwezi uliwonse.

Ndalamazi zili motere: K1,640,000 ili pangongole, K1,000,000 kubanki ku Nchalo, K355,000 m'bokosi. Thumba la zadzidzidzi ndi lapadera. Latsala ndi K96,000 titapepesa maliro amodzi ndi K40,000.

Mvula ili pafupi, ndipo mukudziwa zomwe Shire ndi Mwanza amatichita madzi akasefukira. Ndikupempha kuti ngongole zonse zikhale zitabwezedwa pofika pa 30 Novembala, kuti tidzagawane mu Disembala misewu isanaduke, aliyense apeze ya mbewu ya mapira ndi thonje.

Tikumana Lachinayi 2 koloko masana pansi pa mtengo wa nimu paja. Bwerani ndi timabuku tanu, ndipo osunga makiyi atatu musachedwe. Buku lalikulu ndi malisiti ndibwera nazo kuti wofuna kuwerengera yekha adzatero.

Ine wanu,
Msungichuma