Mawu anga kwa komiti yoona za mwambo: ndime yosatchulidwa gwero pa tsamba 14

Olemekezeka a wapampando ndi mamembala a komiti,

Ndikuvomera kuti ziganizo zitatu za m'ndime yachiwiri ya tsamba 14 la ntchito yanga si zanga, ndipo zilibe zizindikiro zosonyeza kuti ndi mawu a wolemba wina.

Chinachitika n'chakuti powerenga ndinkasunga zonse m'fayilo imodzi: zimene ndakopera m'mabuku ndinkazipaka mtundu wachikasu, maganizo anga ndinkawasiya osapaka. Posamutsira zolembazo m'ntchito yeniyeni ndinasankha "Keep Text Only" kuti zilembo zifanane. Chikasu chija chinafufutika. Patapita masabata awiri ndinaziwerenga ziganizozo ngati zanga, ndinangosinthamo mawu awiri n'kupitirira.

Dzina la wolembayo ndi chaka cha buku lake zili pa mndandanda wa mabuku kumapeto, komanso ndamutchula pa tsamba 9. Sindikunena izi pofuna kudziyeretsa ayi. Njira ya APA imafuna kuti mawu okopera ndendende akhale ndi zizindikiro zake, dzina, chaka ndi nambala ya tsamba pomwepo m'ndimemo. Sindinatero, ndipo usiku womaliza sindinayerekezenso ntchito ndi mabuku chifukwa cha phuma. Kulakwako ndi kwanga.

Ndaphatikiza fayilo ya zolemba zija, yomwe ikuonetsa chikasu ndi tsiku, pamodzi ndi ndime yokonzedwa. Tsopano ndikangokopera mawu ndimaika zizindikiro ndi tsamba nthawi yomweyo, osadaliranso mtundu.

Pepani kwambiri. Ndikupempha kuti muone umboniwu musanagamule.