Mphwanga, za nkhope yako lisanafike Lachinayi

Mphwanga, sabata ino ndili pa naiti ndiye sitionana bwinobwino, ine ndikamafika iwe uli mtulo, iwe ukamadzuka ine ndakomoka. Ndiye ndakulembera apa zoti uchite mpaka intavyu yako ya Lachinayi 10 koloko ku Rosebank kuja. Malaya ndi buluku alamu ako asita kale, za mapepala tinakambirana, apa ndi za nkhope basi. Ntchito ya uweita munthu amakuyang'ana kumaso usanatsegule ndi pakamwa pomwe, ndipo manejala amakhala akuganiza kuti kodi nkhope iyi ndingaitumize pa tebulo la kasitomala itanyamula mbale. Chilichonse ukachita uzichonga.

LOLEMBA, LERO LOMWE

1. Yamba kudzola usiku uno, osadikira Lachitatu. Ndakuona dzulo wachita mbuu masaya onse ngati wagona paphulusa, ndipo si vuto lako. Kwathu ku Nkhotakota tili mphepete mwa nyanja, mpweya wake ndi wachinyezi, khungu limadzisamala lokha. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndipo Julaye uno mvula kulibe, kumangokhala kamphepo kouma kozizira kaja kamene kamayamwa madzi pakhungu. Ndiye ukangosamba kumaso, khungu lisanaumiretu, paka kirimu woyera uja ali pawindo, kachitini kolembedwa aqueous cream. Mmawa ndi usiku. Masiku atatu akukwana kuti kutuwako kuchoke, tsiku limodzi silikwana.

2. Milomo. Yasweka, ndaiona, ndipo ukumainyambita, siya. Malovu akauma milomo imang'aluka kuposa poyamba. Vaselini pogona, wambiri ndithu poti palibe akukuona, ndipo tikhungu tija tikusendekato usamatizule ndi mano, udzalowa mu intavyu ndi kachilonda kofiira pakamwa.

3. Sopo wobiriwira wochapira uja ndi wa zovala. Kumudzi timasambira inde koma kuno ndi mphepo iyi akuumitsa nkhope gwa. Tenga sopo wosambira wa alamu ako, avomera. Madzi akhale ofunda chabe, osati otentha a mu giza mpaka nthunzi, olo kukuzizira bwanji.

4. Madzi akumwa. Kukazizira ludzu silimveka ndiye munthu umatha tsiku lonse ndi tiyi yekha. Dzaza botolo la malita awiri lija ulimalize pofika madzulo.

LACHIWIRI, TSIKU LOMETA

5. Kumeta ndi Lachiwiri, osati Lachitatu madzulo, osatinso Lachinayi mmawa. Pita ku babashopu ya anyamata akwathu ija pafupi ndi pokwerera mathekisi kuno ku Turffontein, ndalama ndasiya pansi pa shuga. Chifukwa chake nchakuti ukangometa kumene mzere wa pachipumi umaoneka woyera ngati wajambulidwa ndi choko, khosi limafiira, ndipo ngati wometa walakwitsa pamafunika tsiku loti ukakonzetse. Pofika Lachinayi zimakhala zakhazikika.

Uwauze kuti ndi za intavyu. Tsitsi lalifupi lofanana, mzere wabwino, basi. Zojambula mmutu zija, timizere ta m'mbali, kudula nsidze, ayi. Udzapanga ukalandira malipiro oyamba ngati ukufuna, olo apo ndidzakunenabe kkkk.

6. Asanakukhudze, uone ndi maso ako kuti mashini awapukuta ndi kuwathira sipiriti wapepo uja, ndipo ngati akugwiritsa lezala pokonza mzere ikhale yatsopano, aitsegule papepala iwe ukuona. Usachite manyazi kufunsa, mutu ndi wako. Mashini omwewo adutsa pamitu ya anthu angati kuyambira mmawa, zipere ndi tizilonda ta kunkhongo zimayendera momwemo.

7. Ndevu. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ine ndinagwa. Chaka chomwe ndinafika kuno ndinaitanidwa pa hotela ina, ndiye mmawa wake ndinati ndikaoneke wosalala ngati mwana, ndinagula lezala yotchipa pa sipaza nkudzipala mouma, kukweza m'mwamba motsutsana ndi ndevu. Pofika ku Sandton khosi lonse linali totupatupa toyabwa, kolala ya malaya oyera ili ndi timadontho ta magazi, ndinkayankha mafunso dzanja lili pachibwano. Sanandiimbire. Ndevu zathu ndi zopotana, ukazidula kwambiri mpaka pansi pa khungu zimapindika nkumera cholowa mkati, ndiye totupa tija. Iwenso khungu lako ndi langa lomwe, la bambo.

Ndiye chita chonchi: akuchepetsere ndi mashini, zitsale zazifupi kwambiri zofanana, akonze mzere wa m'masaya ndi pakhosi. Lezala isayende pakhosi. Tindevu tako tija ta apa ndi apo tapachibwano, kunena zoona sitinagwirizane kuti tikhale ndevu, bola kungotichepetsa tonse. Ndipo pa malo a zakudya ndevu zazitali sazikonda, ena amakuvalitsa kaneti.

Ukadzafuna kupala ndi lezala mtsogolomu, nyowetsa kaye ndi kansalu ka madzi ofunda, thovu likhalepo, lezala itsate komwe ndevu zikulowera, kamodzi kokha pamalo, osakoka khungu. Koma sabata ino ayi.

8. Mankhwala ochotsera ndevu a ufa aja onunkha ngati mazira owola, sunawagwiritsepo, ndiye usayambe pano. Amawotcha.

LACHITATU

9. Ima pagalasi pafupi ndi windo masana, osati ndi babu ya kubafa ija yomwe imanamiza. Yang'ana m'mphuno, ubweya womwe ukusuzumira kunja udule ndi kasizasi kakang'ono kali m'kabati, osazula. Makutu upukute ndi kansalu konyowa, kunja ndi kuseri komwe, kuseri kwa khutu ndi komwe anthu amaiwala ndipo tsitsi lometedwa dzulo limakakamira kumeneko. Zotokosera ndi chitsotso cha machesi usiye.

10. Chiphuphu chili pambali pa mphunocho usachifinye. Ndikudziwa zala zikuyabwa. Chiphuphu palibe amachiwerengera, koma ukafinya chimatupa nkusiya banga lakuda lomwe pakhungu lathu limakhala miyezi. Kolugeti, mandimu, adyo, zonse zomwe akuuze anzako pa foni, ayi.

11. Chatsopano chilichonse pankhope, ayi. Ndikunena izi chifukwa ndinaona kabotolo komwe unapatsidwa ndi mnzako wa m'basi uja, koti kamachotsa mabanga. Ndakataya, usakafunefune. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi haidirokwinoni dziko lino linawaletsa m'zodzoladzola kuyambira 1990, koma amagulitsidwabe mobisa m'misewu ya mtauni, ena amasakanizamo mankhwala amphamvu omwe salemba pabotolo. Poyamba umawala, kenako masaya amada zigamba zosachoka. Komanso chithunzi cha mu pasipoti yako ndi nkhope yako zizifanana, akaona pepala nkukuona iwe asayambe kufunsa.

12. Tunga madzi mu ndowa usiku, kuno mpopi umatha kuuma osakutsanzika, magetsinso chimodzimodzi. Mashini anga ometera uwatchaje, ngati pakhosi pamera pang'ono ungodutsitsa mopepuka usanagone.

13. Mowa ayi, olo kamodzi. Hita ya parafini uzimitse usanagone ndipo windo ulisiye pang'ono, utsi wake umafiiritsa maso komanso ndi woopsa m'chipinda chotseka. Foni pansi 9 koloko. Maso ofiira kuno anthu safunsa kuti wagona bwanji, amangoganiza zawo, makamaka ukakhala mlendo. Pilo uikepo chovala choyera chochapa.

LACHINAYI MMAWA

14. Dzuka 6 koloko kuti nkhope ya tulo ithe usananyamuke. Samba kumaso, malizira ndi madzi ozizira, manthongo m'makona a maso uchotse, pukuta mogunditsa thaulo osati mokhula.

15. Idya kaye, kenako tsuka mano, ndi lilime lomwe. Usipa womwe unabwera nawo, anyezi wamuwisi, atcha wa pa sipaza uja, zonsezo udye madzulo ukabwerako. Ukamaliza yang'ana m'mbali mwa pakamwa, kolugeti amasiya zoyera, ndipo yang'ana mano pagalasi uone ngati mwatsala kanthu.

16. Kudzola kwa lero nkosiyana ndi kwa usiku. Kirimu pang'ono, ngati njere ya nzama, pankhope, pakhosi, makutu ndi kunkhongo. Vaselini ndi giliserini pankhope ayi. Kwathu mwana wodzola mpaka kunyezimira ndiye wosamalidwa, amayi ankatipaka mpaka chipumi kuwala ngati poto watsopano popita kutchalitchi, koma pansi pa magetsi a mu resitilanti zimaoneka ngati thukuta la mantha. Vaselini ndi wa pamilomo pokha, kochepa, upukuteko ndi chala. Pamwamba pa kirimuyo paka kakirimu ka alamu ako koteteza ku dzuwa kolembedwa SPF 30, dzuwa la kuno olo kukuzizira limawotcha chifukwa cha kukwera kwa malo, ungopaka bwino kasasiye zotuwa.

17. Nsidze uzipese ndi chala chonyowa, ndevu ndi tsitsi ndi kabulashi. Perefyumu wanga ufaire kamodzi pachifuwa mkati mwa malaya, kumaso ayi, ndipo kamodzi ndikutanthauza kamodzi, pa malo a zakudya fungo lamphamvu ndi mlandu.

18. Chipewa cha ulusi uvale panjira poti mmawa kukuzizira zedi, koma chimasiya timaulusi m'tsitsi ndi mzere pachipumi, ndiye uchivule ukangokwera sitima. Ndolo ija isiye kunyumba.

M'THUMBA

Tishu, kabotolo kakang'ono ka vaselini, kabulashi, timaswiti ta minti, botolo la madzi. Mphepo ya mmawa imatulutsa mamina ndi misozi, ndiye tishu utenge wambiri.

UKAFIKA

Thekisi ikakusiya mtauni yenda mpaka Park Station, Gautrain kuchoka pamenepo siteshoni yotsatira ndi Rosebank, mphindi zochepa chabe. Mu sitimamo saloleza kudya, kumwa olo kutafuna chingamu, alonda ake sachita nthabwala, ndiye minti udye utatsika. Ufike hafu pasiti 9, lowa mu toileti ya mu molo, ndi yaulere ndipo ili ndi magalasi akuluakulu. Chipumi ndi mphuno ugunditse tishu ngati zikunyezimira, yang'ana m'mphuno, makona a maso, milomo, kolala, tiulusi ta chipewa. Manja usambe ndi kuumitsa bwino poti mwina akupatsa moni wa dzanja. Minti ithe mkamwa usanalowe.

Chomaliza sichili m'botolo. Kwathu tinaphunzira kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, ndiye ulemu. Pa intavyu ya kuno ukatero amaona ngati ukubisa kanthu kapena sungathe kulankhula ndi makasitomala. Dzutsa nkhope, muyang'ane m'maso pomupatsa moni ndi poyankha, osachita kumutong'olera, ndipo dzanja lichoke pakamwa ukamaseka, mano ako ndi abwino kuposa anga. Yeserera pa alamu ako Lachitatu madzulo, ndawauza kuti akufunse mafunso ngati manejala ndipo asakumvere chisoni.

Ukatuluka undiflashe, ndikhala ndili mtulo koma foni ndiisiya pafupi ndi khutu. Makiyi usiye kwa aneba ngati alamu ako atakhala kuti sanabwere.