Pempho loti tisiye kusinthana mashifiti sabata iliyonse

Mabvuku, Harare
14 Julaye 2025

Kwa Bambo Mwale,
Manejala woyang'anira ntchito m'fakitale,
Workington.

Wokondedwa Bambo Mwale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi kunyumba. Ndine Josamu Phiri, woyendetsa makina achitatu oumba zigubu ndi ndowa. Kalata ya Chingerezi yokhudza nkhani yomweyi ndaipereka kale kwa wapampando wa komiti ya antchito kuti ilowe m'faelo monga mwa dongosolo. Inoyi ndalemba m'chinenero chathu chifukwa ndikufuna mumve bwinobwino zimene tikukumana nazo, ndipo ndikudziwa kuti inu mumawerenga kalata mpaka pamapeto.

Pempho langa ndi lakuti dongosolo losinthana mashifiti sabata iliyonse, lomwe linayamba mu Januwale chaka chino, liimitsidwe. Lisanabwere, ine ndinali wa usiku kuyambira 2017, kulowa 10 koloko usiku kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo simunandimvepo ndikudandaula. Usiku sindikuukana ayi. Chimene chandifoola ndi kutembenuzidwa sabata ndi sabata: ino m'mawa, yamawa usiku, inayo masana, kenaka kubwereranso m'mawa.

Taonani mmene sabata ya usiku imayendera masiku ano. Imabwera pambuyo pa sabata ya m'mawa, pamene munthu wakhala akudzuka 4 koloko mbandakucha masiku onse kuti apeze kombi yoyamba yopita m'tauni ndi ina yomufikitsa ku Workington. Thupi lazolowera kuti ikamakwana 9 koloko usiku ndi nthawi yogona. Ndiye Lamulungu usiku, nthawi yomweyo, mukundiuza kuti ndiime pa makina mpaka kuche. Masana a Lamulungulo ndimayesa kugoneratu koma tulo sitibwera chifukwa choti wina walamula. Usiku woyamba ndi wachiwiri ndimagwira ntchito maso akuyaka, mutu ukulemera. Lachitatu zimayamba kupepuka. Pofika Lachinayi kapena Lachisanu ndimatha kugona bwino masana, chakudya cha pakati pa usiku chimayamba kutsika osavuta m'mimba, manja amayenda bwino pa makina. Loweruka m'mawa sabata yatha, ndipo zonse zimene thupi lavutikira kuphunzira zatayika. Kuli ngati kuwokera mbande sabata iliyonse: mizu ikangoti igwire, mwaizulanso.

Izi sizongoganizira ine ndekha. Pa maphunziro a zachitetezo pantchito amene komiti inatikonzera, anatifotokozera kuti thupi lili ndi nthawi yakeyake yogona ndi yodzuka yomwe imatsatira kuwala kwa dzuwa, ndipo nthawi imeneyi siisuntha tsiku limodzi. Imasuntha pang'onopang'ono, mwina ola limodzi kapena awiri patsiku. Kuchoka pa kugona usiku kufika pa kugona masana ndi mtunda wa maola asanu ndi atatu kapena kuposa, choncho sabata yathunthu imathera m'njira. Anatiuzanso kuti cha m'ma 3 mpaka 5 koloko mbandakucha ndi pamene thupi limazizira kwambiri ndipo maganizo amachedwa. Munthu wozolowera usiku amaidutsa nthawi imeneyi movutikirabe, koma amaidziwa. Munthu amene sabata yatha nthawi yomweyo anali m'bulangete amaidutsa akusinza chiimirire.

Inu makina athu mumawadziwa kuposa ine. Pulasitiki amatuluka ali wamoto, chikombole chimatseka ndi mphamvu yoti dzanja silingapulumuke, ndipo chigubu chikakanirira pamafunika munthu wa maso akuthwa kuti aimitse makina asanatsegule chitseko. Mwezi wathawu mnyamata wa pa makina achisanu anapsa pamkono Lolemba usiku, usiku wake wachiwiri. M'buku la ngozi munalembedwa kuti sanasamale. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinamuona akutsuka kumaso ndi madzi ozizira kangapo zisanachitike. Ndi mwana wosamala ndithu, kungoti anali asanagone. Ndikupemphani mutsegule bukulo pamodzi ndi la katundu wokanidwa, muone kuyambira Januwale kuti zigubu zopindika ndi zoboola pansi zimachuluka masiku ati a sabata. Ziwerengero muli nazo inu. Ine ndimangoona mulu umene timabweza ku makina ogaya Lachiwiri m'mawa, kuyerekeza ndi wa Lachisanu.

Kunyumba nako zinthu zasokonekera. Kale dongosolo lathu linali lodziwika. Ndikafika m'mawa ndinkaperekeza wamng'ono kusukulu, n'kupita ku mjigo kukaima pamzere wa madzi, pakuti ku Mabvuku madzi a m'mipope ndi mlendo. Pofika 10 koloko ndinali nditagona, anansi akudziwa kuti a Phiri sagogodedwa mpaka 4 koloko madzulo. Mayi a ana amagulitsa masamba, amalawirira ku Mbare kukapikula kusanache, ndipo ankadalira kuti ine ndifika ana asananyamuke. Tsopano sabata ziwiri mwa zitatu zilizonse timachita kupempha anansi kuti atiyang'anire ana. Sabata ya m'mawa tonse awiri timatuluka kuli mdima. Sabata ya masana ana sindiwaona ali maso madzulo konse.

Sabata ya masana ili ndi vuto linanso. Timaweruka 10 koloko usiku, ndipo pofika pa renki ya Fourth Street makombi a ku Mabvuku amakhala atachepa kwambiri. Timakwera timagalimoto ta mushikashika, mtengo wake wokwera kuposa wa masana, anthu opanikizana mpaka kubuti. Ukatsika uyendenso wapansi mumdima, nthawi zina magetsi atazima dera lonse. Anzathu okhala ku Mufakose, Kambuzuma ndi Rugare shifiti imeneyi siiwavuta kwenikweni chifukwa kwawo ndi kufupi, ndipo ena a iwo amaikonda. Ife a ku Mabvuku, Tafara ndi Epworth ndi imene imatidyera malipiro. Dongosolo lakale linkalola aliyense kukhala pamene pakumuyenera.

Za thanzi ndingotchula mwachidule. Ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo anamwino ku kiliniki amanena kuti ndizimwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Kwa ine zimatheka movutikira. Koma pali mdala wina pagulu lathu wa matenda a shuga, amene mankhwala ake amayendera limodzi ndi chakudya. Nthawi yake yodyera ikusintha sabata iliyonse, ndipo waonda moti inunso mukamuona mudzazindikira. Iye sangalembe kalata, amaopa kuti anganenedwe kuti wakalamba.

Zifukwa zimene munapereka pa msonkhano wa mu Disembala ndikuzikumbukira, ndipo sindikuzipeputsa. Munati alawansi ya usiku inkapita kwa anthu omwewo chaka ndi chaka pamene ena ankaifunanso. Munatinso a usiku ankaphonya maphunziro ndi misonkhano, ndipo akuluakulu sankawadziwa nkhope. Zonsezi ndi zoona. Pa za alawansi, ine ndikuona kuti mankhwala ake ndi kutsegula mndandanda miyezi itatu iliyonse kuti ofuna usiku alembetse, ndipo akachuluka azilandirana. Mukafunsa mudzapeza kuti ambiri amene ankasirira ndalamayo, atalawa usiku wa mu Juni ndi Julaye, chilakolako chinatha. Pa za maphunziro, a usiku tikhoza kumatsalira ola limodzi m'mawa tsiku limene mwasankha pamwezi. Tinkachita zimenezi kale powerenga katundu ndipo palibe anakana.

Ndikudziwanso kuti kampani siikuphwanya lamulo pa nkhani ya mpumulo. Lamulo la zantchito la dziko lino, Chaputala 28:01, limati wantchito apume maola 24 otsatizana sabata iliyonse, ndipo ife timapuma oposa pamenepo. Choncho sindikubwera ndi mlandu. Koma maola amenewo amathera kulimbana ndi tulo, moti Lamulungu lisanafike sabata ya usiku ngakhale kutchalitchi sindipita, ndipo ku misonkhano ya sosaite yathu ya maliro ndimangotumiza chopereka.

Ndiye ndikupempha motere. Choyamba, komanso chimene ndikuchifunitsitsa, tibwerere ku mashifiti okhazikika, aliyense asankhe, ndipo mndandanda uziunikidwa miyezi itatu iliyonse monga ndanenera. Ndayenda pakati pa anzanga a usiku akale ndipo ambiri ali okonzeka kubwerera. Mayina awo ali ndi komiti.

Ngati akuluakulu akumwamba sangavomere zimenezo, tiloleni tizikhala mwezi wathunthu pa shifiti imodzi, ndipo kusinthako kuziyenda chamtsogolo: m'mawa, kenaka masana, kenaka usiku. Thupi limavomera msanga kuchedwa kugona kusiyana ndi kufulumira kugona, ndipo panopa timalumpha kuchoka m'mawa kugwera usiku mwachindunji. Pochoka usiku pakhale masiku awiri opuma. Ndandanda izituluka mwezi usanayambe, chifukwa masiku ano imakhomedwa Lachisanu masana, a usiku n'kuiona Lachisanu usiku, nthawi yokonza za ana itatha kale.

Chinanso chaching'ono. Pangano la 1990 la ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, lokhudza ntchito ya usiku, nambala 171, limanena kuti ogwira ntchito usiku azipimidwa thanzi mwaulere akapempha. Kaya mashifiti akhala otani, zingatithandize ngati namwino amene amabwera kudzapima olowa ntchito kumene atamatiyezako magazi ndi shuga ife a usiku kamodzi pachaka.

Simuyenera kusintha fakitale yonse tsiku limodzi. Yesani pa gawo lathu loumba lokha kwa miyezi itatu, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kenaka muyerekeze katundu wokanidwa, ngozi ndi masiku amene anthu ajomba chifukwa chodwala ndi za miyezi yapitayi. Mukapeza kuti palibe chasintha, ine sindidzakuvutitsaninso ndi nkhaniyi.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda ya msonkhano wa akuluakulu ndi komiti ya antchito wa kumapeto kwa mwezi uno. Ngati mungafune kuti tikambirane kaye pamaso, sabata ino ndili usiku, ndipo ndikhoza kukudikirani pa ofesi yanu 7 koloko m'mawa tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Mungouza a kapitawo athu tsiku limene lakukomerani.

Zikomo kwambiri bambo.

Ine wanu pantchito,

Josamu Phiri
Woyendetsa makina achitatu, gawo loumba