Ndondomeko ya sabata yolimbitsira thupi: mtsikana wa Fomu 1 wosewera mpira wamanja, Dedza

Takonza ndondomekoyi ndife awiri, mphunzitsi wa zamasewero ndi wothandiza anthu ovulala minofu. Ndi yako iwe wa zaka 14, amene umatchinga kumbuyo mu timu ya sukulu, umakonzekera ndi anzako Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo mpikisano umakhala Loweruka. Uitsate kwa masabata 6, kuyambira Meyi. Awonetse makolo usanayambe, ndipo masabata awiri oyambirira uzichita pamaso pa aphunzitsi kuti akukonze kaimidwe.

Zitsulo zosanjikiza ndi zitini za simenti zimene anyamata amanyamula kuseri kwa nyumba uzisiye kaye. Katundu woyamba ndi thupi lako lomwe. Pambali pake ufuna chigubu cha malita 5, benchi ya m'kalasi yosagwedera, ndi mphasa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubucho chimakuuza chokha kulemera kumene wanyamula.

Kutenthetsa thupi, tsiku lililonse lamasewero: mphindi 10

Thamanga pang'onopang'ono mphindi 4, juzi uli chivalire. Kenako uyende cham'mbali mamita 10 kupita ndi kubwera, ukweze maondo ka 20, uzunguze mikono ka 10 kutsogolo ndi ka 10 kumbuyo, unyonyomale ka 5 mopepuka. Mwezi wa Juni ndi Julayi kuno ku Dedza kumazizira mpaka zala kuuma, ndiye uwonjezere mphindi 5. Juzi uvule ukamva kathukuta pamsana.

Lolemba: kulimbitsa thupi lonse, mphindi 30

Chilichonse uchite maulendo 2, ndipo pakati pake upume mphindi imodzi.

Kunyonyomala, ka 10. Ima patsogolo pa benchi, mapazi motalikirana ngati mapewa. Bweza matako kumbuyo ngati ukufuna kukhala, ukhudze benchi, udzuke. Potsika uwerenge mpaka 3. Zidendene zisanyamuke, ndipo maondo aloze kumene zala zakumapazi zaloza. Akamagwera m'kati ngati akufuna kugundana, ndiye kuti minofu ya m'chiuno yatopa kapena ndi yofooka. Ima pomwepo, ngakhale uli pa 7.

Mapushapu a pa benchi, ka 8. Manja pa benchi, thupi lowongoka kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. Chifuwa ndicho chitsike, osati mimba. Akavuta, yambira pakhoma.

Mlatho, ka 12. Gona chagada pa mphasa, maondo opinda, mapazi pansi. Kweza chiuno, ufinye matako masekondi 2, utsike. Ukamva kukoka m'munsi mwa msana, wakweza mopitirira.

Kukoka chigubu, ka 10 mkono uliwonse. Thira malita 3. Dzanja limodzi ndi bondo limodzi pa benchi, msana wosapindika, ukokere chigubu m'nthiti. Ukamachita kupotoza thupi kuti chikwere, taya lita imodzi.

Thabwa, masekondi 20. Tsamira pa zigongono ndi zala zakumapazi. Uzipuma bwinobwino, kubanika mpweya sikuwonjezera mphamvu.

Lachiwiri: kukonzekera ndi timu basi.

Lachitatu: miyendo ndi katsikidwe, mphindi 30

Tsiku ili ndilo tikulisamala kwambiri. Mu mpira wamanja suloledwa kuthamanga ndi mpira, choncho umalumpha, kuwakha ndi kuima mwadzidzidzi, kawirikawiri pa mwendo umodzi. Mphamvu yonseyo imathera m'bondo ndi m'kakolo. Wotsika ndi mwendo woti nganganga, bondo litakhotera m'kati, ndiye amene amabinya kapena kudula mtsempha wa m'kati mwa bondo, ndipo vuto limeneli limagwera atsikana kwambiri kuposa anyamata. Katsikidwe kabwino kamaphunziridwa ngati mmene unaphunzirira kuponya.

Yamba ndi kulumpha ukadali ndi mphamvu. Lumpha pang'ono pamalo omwewo, utere ndi mapazi onse awiri, maondo opindika, matako kumbuyo, ndipo ukhale phee masekondi 2. Ka 5, maulendo 3. Mvetsera phokoso: ukamamveka kuti phi! ndiye kuti watera mouma. Mnzako aime kutsogolo kwako aziyang'ana maondo. Chitira pa bwalo losalala, osati pa miyala kapena pa simenti yoterera.

Kenako maulendo 2 pa chilichonse cha izi. Ponda sitepe yaitali kubwerera m'mbuyo, bondo lakumbuyo litsike pafupi ndi nthaka osagunda, ka 8 mwendo uliwonse. Ima ndi mwendo umodzi masekondi 30, mnzako akukuponyera mpira. Kweza zidendene utagwira khoma, ka 15, kulimbitsa akatumba. Thabwa la cham'mbali, utatsamira pa chigongono chimodzi, bondo lili pansi, masekondi 15 mbali iliyonse. Umalize ndi mapushapu a pa benchi ka 8.

Lachinayi: kukonzekera ndi timu.

Lachisanu: kupuma. Ulendo wa kusukulu ndi ntchito zapakhomo zakwana. Minofu imafuna pafupifupi maola 48 kuti ibwerere m'chimake, ndipo ukaitopetsa lero ukalowa m'bwalo mawa miyendo ili yolemera.

Loweruka: mpikisano. Ukalephereka, bwereza za Lolemba.

Lamulungu: kupuma kwenikweni.

Kuwonjezera kwake

Sabata yoyamba ndi yachiwiri usasinthe kanthu, ngakhale zikuoneka zopepuka. Nthawi zonse uzisiya ukumva kuti ukanatha kuchita kawiri kena mosaphonya. Sabata yachitatu ndi yachinayi, wonjezera kawiri pa chiwerengero cha chilichonse, monga kuchoka pa ka 10 kufika pa ka 12, ndi masekondi 10 pa thabwa. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, maulendo akhale 3, chigubu chifike malita 4 kapena 5, ponyonyomala uchifungate pachifuwa, ndipo ngati aphunzitsi avomereza uyambe kutera ndi mwendo umodzi, ka 3 mbali iliyonse. Usakweze kulemera ndi chiwerengero tsiku limodzi. Uzilemba kumapeto kwa kope zimene wachita.

Tsiku limene wasenza matumba a mbatatesi kuchokera kudimba kapena watunga ndowa zingapo za malita 20, msana ndi miyendo zagwira kale ntchito. Chita ulendo umodzi wokha wa chilichonse.

Chakudya ndi tulo

Usachite uli ndi njala. Mbatata, nthochi kapena chigumu ola limodzi usanayambe zikwana. Ukamaliza, nsima ya mgaiwa ikhale ndi ndiwo zomanga thupi: nyemba, soya, usipa, dzira, kapena masamba otendera. Ufa wa m'zitini wokulitsa minofu suukufuna, ndipo mapiritsi onenepetsa usawayandikire. Tenga botolo la madzi. Nyengo yozizira ludzu silimveka msanga. Ugone maola 8 mpaka 10.

Nthawi yosiya

Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira, kotha pa masiku awiri kapena atatu, si vuto. Ululu wobaya m'bondo, m'kakolo kapena mumsana, kutupa, kapena kutsimphina, siya ndipo uwauze aphunzitsi. Pa msinkhu wakowu mafupa akukulabe, ndiye ululu wa pafupa lotukuka kunsi kwa bondo usaupirire: chepetsa kulumpha, ndipo ukapitirira sabata upite kuchipatala. Thupi likatentha usachite kalikonse, kayezetse malungo. Ukamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika kwachilendo, khala pansi ndipo wina aitane munthu wamkulu. Uli kumwezi ukhoza kuchita monga mwa masiku onse ngati ukupeza bwino. M'mimba mukamapotokola, chita theka.

Kwa makolo

Chonde mutidziwitse asanayambe ngati mwanayu ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena anavulalapo bondo, kuti achipatala ayambe amuona. Masewero otere, ochitidwa moyenera ndiponso moyang'aniridwa, sapinimbiritsa mwana. Lolemba ndi Lachitatu azifika kunyumba mochedwerako ndi mphindi 40, kapena 45 mu Juni ndi Julayi.