Kupempha ntchito ya mlangizi wa alimi a mtedza ndi soya ku Mkanda

Kwa Amayi Phiri, oyang'anira zolemba anthu ntchito,

Ndikulemba potsatira chidziwitso chomwe munaika m'nyuzipepala sabata yatha, chonena kuti kopaletivu yanu ikufuna mlangizi wa alimi a mtedza ndi soya m'dera la Mkanda ku Mchinji. Ndikupempha kuti mundiganizire pa ntchitoyi. Munati kalata ilembedwe m'Chichewa popeza ndi chimene mlangizi azilankhula ndi alimi tsiku ndi tsiku, ndiye ndatsatira zomwezo.

Ndili ndi dipuloma ya zaulimi yomwe ndinatenga ku NRC, nthambi ya LUANAR, mu 2019. Kuchokera 2020 mpaka pano ndikugwira ntchito ya ulangizi ku Linthipe m'boma la Dedza, pansi pa bungwe lina lomwe si la boma, ndipo ndimayang'anira makalabu 18. Tsatanetsatane wa maphunziro ndi ntchito ali mu mbiri yanga yomwe ndatumiza limodzi ndi imeloyi, choncho sindibwereza. Pano ndingokamba chinthu chimodzi chomwe chandikokera pa ntchitoyi.

M'chidziwitso chanu munatchula kuti ogula akuluakulu akhala akukana wina mwa mtedza wa mamembala chifukwa cha chuku. Imeneyi ndi ntchito yomwe ndakhala ndikuigwira kwambiri. Kubzala mizere iwiri pamzere umodzi kapena kuthira inokulanti ku soya alimi savuta kumva, chifukwa phindu lake amaliona m'munda chaka chomwecho. Za chuku n'zosiyana: mtedza ukhoza kuoneka wabwinobwino m'dzanja koma uli ndi poizoni kale, ndiye mlimi amaona ngati wogula akungofuna chifukwa chotsitsira mtengo. Komanso chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, kapena kuti ulemere pa sikelo, sichitha ndi msonkhano umodzi. Amayi amene amawaza madziwo si kuti sadziwa kanthu ayi, zala zimapweteka akasenda matumba angapo.

Chifukwa cha ichi, ku Linthipe sindinayambe ndi kuletsa. Tinagwirizana ndi alimi otsogola kuti kalabu iliyonse iumitse mbali ina ya mtedza pa Mandela koko, yomwe ndi njira yosanja mtedza wongokumba kumene pa mulu, makoko atayang'ana mkati kuti asakhudze dothi kapena kunyowa ndi mvula yomaliza, ndipo wina aumitse monga mwa masiku onse. Pa tsiku losankha mtedza alimi anadzionera okha mulu womwe unali ndi mtedza wambiri wovunda ndi wofwifwa. Titatero, makalabu angapo anasonkha ndalama kudzera ku banki mkhonde n'kugula makina osendera a manja, ndipo ena anayamba kugulitsa mtedza wosasenda. Sindinganene kuti vutoli linatheratu, mavenda akadalipo omwe amagula chilichonse ndi ndalama ya pompopompo, koma mtedza wa makalabu omwe anatsatira njirayi unayamba kulandiridwa kwa ogula popanda kubwezedwa. Bambo Mwale, amene amandiyang'anira, avomera kuchitira umboni pa zimenezi.

Kwathu ndi ku Mchinji komweko, kufupi ndi Kapiri, ndipo makolo anga amalima mtedza wa CG7 ndi Chalimbana pang'ono wodya pakhomo. Misewu ya kumeneko nthawi ya dzinja ndimaidziwa. Ndili ndi laisensi ya njinga yamoto, ndipo malipoti a mwezi ndi mwezi ndimalemba pa Excel, pamene kalembera wa alimi ndimachita pa foni pogwiritsa ntchito KoboCollect. Mukanditenga ndidzakhala ku Mkanda konko, osati kuyendera kuchokera pa boma.

Ndatumiza mafayilo atatu: `Mbiri_Chikondi_Banda.pdf`, momwe mulinso nambala yanga ya foni ndi maina a anthu atatu ondichitira umboni, `Satifiketi.pdf`, momwe muli dipuloma ndi MSCE, komanso `Laisensi.pdf`. Zikalata zenizeni ndidzabwera nazo mukandiitana.

Kumene ndikugwira pano mgwirizano wanga umafuna kuti ndipereke notisi ya mwezi umodzi. Ngati mungandiyankhe mu Febuluwale, ndikhoza kuyamba kumayambiriro kwa Epulo, alimi asanayambe kukumba mtedza, yomwe ndi nthawi yoyenera kukambirana nawo za kaumitsidwe. Pa zoyankha mafunso, ndikhoza kubwera ku ofesi kwanu tsiku lililonse la mkati mwa sabata bola mutandidziwitsa kukadali masiku awiri kuti ndipemphe chilolezo, kapena tikhoza kulankhulana pa foni ngati zingakhale zophweka kwa inu.

Zikomo kwambiri powerenga pempho langa.

Ine wanu,
Chikondi Banda