Ndondomeko ya masabata 6 omaliza mpikisano wonyamula zitsulo wa ku Tete usanafike

Mphwanga,

Ntchito yandigwira kuno ku Moatize, ndiye ku Ulongwe sindibwera mpaka tsiku la mpikisano litayandikira. Ndakulembera zonse kuti uzitsatira wekha. Ndawerengera pa makilo amene unanyamula bwinobwino ine ndikuona: sikwati 200, benchi 130, dedilifiti 240. Ija ya 250 imene unakoka chitsulo chikukwera pantchafu sindinaiwerenge, chifukwa oweruza sangailole.

Mphamvu zimene ukanyamulire pa tsikulo uli nazo kale, unazipanga miyezi yapitayi. Panopa zaphimbika ndi kutopa. Choncho sabata iliyonse tizichotsako maseti ndi maulendo kuti kutopako kuchoke, koma chitsulo cholemera chisachoke pamsana pako, chifukwa thupi likakhala nthawi osachimva limaiwala kachigwiridwe. Tsiku lililonse lolemera uziyamba ndi kunyamula kamodzi kolemera, kenako utsitse makilo n'kupanga maseti.

Masiku ndi omwe aja: Lolemba sikwati ndi benchi yolemera, Lachitatu benchi yopepuka ndi za msana, Lachisanu dedilifiti.

Sabata yoyamba. Sikwati kamodzi pa 175, kenako maseti 4 a maulendo 4 pa 155. Benchi kamodzi pa 115, maseti 5 a maulendo 4 pa 100. Dedilifiti kamodzi pa 210, maseti 3 a maulendo 4 pa 185.

Sabata yachiwiri. Sikwati 180, kenako maseti 4 a maulendo 3 pa 160. Benchi 117.5, maseti 5 a maulendo 3 pa 105. Dedilifiti 217.5, maseti 3 a maulendo 3 pa 192.5. Masabata awiriwa ndi otopetsa, miyendo izilemera m'mawa. Usadandaule nazo, n'zoyembekezereka.

Sabata yachitatu. Sikwati 185, maseti 3 a maulendo 3 pa 165. Benchi 120, maseti 4 a maulendo 3 pa 107.5. Dedilifiti 222.5, maseti 3 a maulendo 2 pa 200. Kuyambira pano za msana ndi za mikono uzidule pakati.

Sabata yachinayi ndi imene sikwati ndi dedilifiti zilemere kuposa masabata onse. Sikwati 190, maseti 3 a maulendo 2 pa 170. Benchi 122.5, maseti 4 a maulendo 2 pa 110. Dedilifiti 230, maseti 2 a maulendo 2 pa 200. Imeneyi ya 230 ndi dedilifiti yolemera yomaliza, ndipo idzakhala kutatsala masiku 15. Dedilifiti imatopetsa msana, chiuno ndi zala kuposa zinazo, ndipo kutopa kwake kumachedwa kutha, n'chifukwa chake tikuisiya msanga.

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa ndikukudziwa. Pa sabata imeneyi 190 ikakwera mofewa, anyamata a ku jimuko ayamba kufuula kuti onjezera, onjezera, ndipo iwenso mtima ulakalaka 205. Usayerekeze. Ukainyamula, wadya mbewu yoyenera kudzala: palibe adzakupatse mphoto, ndipo sabata yonse yotsatira ithera kuchira. Ukalephera n'kupanikizika pansi, ukafika ku Tete uli ndi mantha m'mutu. Kunyamula kamodzi kumene ndikufuna n'koti ukabweza chitsulo uzimva kuti ukanatha kubwereza kamodzi kapenanso kawiri. Chitsulo chikaima panjira, mawondo n'kuyamba kulowa mkati, ndiye kuti chalemera kuposa za tsikulo. Chotsa makilo 5 kapena 7.5 pa maseti otsatira, sabata yamawa usakweze. Tsiku loti sunagone kapena wachokera kokweza matumba a mbatatesi m'lole, tsitsa usanayambe n'komwe. Ndipotu zokweza matumbazo uzisiye ikangotha sabata yachitatu, uwauze abale ako kuti ndine ndaletsa.

Kunyamula kamodzi kulikonse kuzikhala ngati pa mpikisano. Okonza anena kuti atsatira malamulo a IPF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, ndiye upeze mnzako mmodzi azikulamula. Pa sikwati uime nji mawondo atawongoka, udikire mawu akuti "sikwati", utsike mpaka pokhota pa chiuno patsike kuposa pamwamba pa bondo, ukadzuka udikire "raki". Pa benchi malamulo ndi atatu: "sitati", "puresi" ndi "raki". Chitsulo chikhazikike pachifuwa osagwedera mpaka umve "puresi", matako asadzuke pa benchi. Umuuze mnzakoyo kuti azichedwetsa dala, kuti woweruza wochedwa asakakudabwitse. Pa dedilifiti palibe lamulo loyambira, koma ukaima mapewa ali kumbuyo udikire "dauni", ndipo uperekeze chitsulo mpaka pansi ndi manja onse awiri. Uzijambula ndi foni itaikidwa cham'mbali, pa msinkhu wa chiuno, n'kunditumizira. Zojambula kuchokera kutsogolo sizionetsa ngati watsika mokwana.

Sabata yachisanu masiku asintha pang'ono. Lolemba sikwati kamodzi pa 185, maseti 2 a maulendo 2 pa 160, benchi kamodzi pa 120 basi. Lachitatu dedilifiti kamodzi pa 205, ubwereze kamodzi, upite kunyumba. Lachisanu benchi kamodzi pa 125, maseti 2 a maulendo 2 pa 107.5. Benchi sichedwa kuchira, n'chifukwa chake yokhayo tikuilemeretsa mpaka kutatsala masiku 8. Taona kuti maulendo a maseti a sikwati achoka pa 16 afika pa 4, koma kamodzi kolemera kaja sikanatsike pansi pa 175.

Sabata yomaliza. Lolemba sikwati 140 kamodzikamodzi katatu, benchi 100 chimodzimodzi. Lachitatu sikwati 100, benchi 80, mphindi 30 zakwana. Lachinayi ndi Lachisanu osakhudza chitsulo. Thupi lizikuyabwa, uziona ngati wafooka kapena wanenepa. Pirira, usapite kukayesa.

Za sikelo: uli pa 84, gulu lako ndi la 83. Kilo imodzi ichoka pochepetsako nsima yamadzulo ndi zokazinga kuyambira panopa. Zodzimana madzi ayi. Iwe unazolowera kamphepo ka ku Angonia, pamene mu mzinda wa Tete mwezi wa Novembala kutentha kumatha kupyola madigiri 40, ndipo kuyeza sikelo kumayamba kutatsala maola awiri okha kuti munyamule. Munthu wouma madzi sangabwerere m'chimake pa maola awiri. Ukwere shapa Lachinayi, osati Lachisanu, kuti msana uwongoke pambuyo pokhala mothithikana ulendo wonsewo. Udzatenge chakudya chimene mimba yako imachidziwa, mpunga, nthochi, buledi, ndi madzi ambiri.

Zitsulo za ku jimu yathu zina sizikwana makilo olembedwapo. Ukaziyeze pa sikelo yogulira chimanga sabata ino, undiuze. Ku mpikisano ndodo imalemera 20, zotsekera m'mbali 2.5 chilichonse, zonse pamodzi 25.

Poyambira ndalemba sikwati 185, benchi 120, dedilifiti 220. Achepa dala, chifukwa ukalephera maulendo onse atatu pa mtundu umodzi zotsatira zako zonse zagwa, ndipo ukalembetsa kulemera n'kulephera sungatsitsenso. Ulendo wachiwiri 195, 127.5 ndi 235. Wachitatu ndidzasankha ndine nditaona liwiro la chitsulo, ndipo timakhala ndi mphindi imodzi yokha yoperekera nambala, ndiye tisadzakangane pamenepo. Zikayenda bwino ndikuganiza za 205, 132.5 ndi 245.

Lamba, nsapato ndi masokosi aatali a dedilifiti uyambe kuvala Lolemba likubwerali, zomwezo zimene udzavale pa tsikulo. Bondo lakumanzere lija likayamba kubaya, siya pomwepo undiimbire.

Ndine mkulu wako, mphunzitsi.