Mafunso a mpikisano wa pa 3 Malichi: ulamuliro wa atsamunda ndi amene anaukana

Pepala ili ndi la wofunsa yekha, ana asalione. Ndi la kalabu yathu ya mbiri yakale, Fomu 3 kupikisana ndi Fomu 4.

Aphunzitsi anzanga, werengani funso kawiri, pamodzi ndi mayankho onse anayi, kenako mupatse gulu theka la mphindi kuti ligwirizane chimodzi. Funso lililonse ndi malikisi awiri. Mayankho olakwa sindinawatole m'mutu. Onse ndi anthu, malo ndi zaka zenizeni za m'mbiri yathu, kungoti ndawaika pamalo posakhala pawo. Gulu likaphonya musathamangire funso lotsatira, muziyamba mwawauza mwini wake wa yankho limene asankhalo.

1. Boma la Britain linalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake m'chaka chiti?
A. 1859
B. 1891
C. 1907
D. 1953

Yankho: B. Ambiri akodwa ndi 1907, chaka chimene dzina linasinthidwa kukhala Nyasaland. Mu 1859 ndi m'mene David Livingstone anafika kunyanja, boma la azungu kulibe. Mu 1953 munayamba Chitaganya.

2. Mzungu woyamba kutsogolera boma la atsamunda ku Zomba anali ndani?
A. Alfred Sharpe
B. Robert Armitage
C. Joseph Booth
D. Harry Johnston

Yankho: D. Sharpe anabwera pambuyo pa Johnston, Armitage ndi bwanamkubwa wa mu 1959, ndipo Booth anali wamishoni.

3. Mfumu ya Angoni a kwa Maseko imene asilikali a atsamunda anaipha mu 1896 inali ndani?
A. Gomani Chikuse
B. Mlozi
C. Nsingo
D. Mwase Kasungu

Yankho: A. Anayi onsewa anafa polimbana ndi azungu m'zaka zoyandikana, nchifukwa chake funsoli likufuna mwana wodziwa mtundu ndi dera. Mlozi anali wamalonda a akapolo ku Karonga, anapachikidwa mu 1895. Mwase Kasungu anali mfumu ya Achewa. Nsingo ndiye angakole anzeru omwe, popeza nayenso anali Mngoni, koma wa kwa Mpezeni, dera la Chipata ku Zambia, ndipo anaphedwa mu 1898.

4. Pa maesiteti a azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, thangata chinali chiyani?
A. Kusenza katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse
B. Kulembedwa ntchito ya kumigodi ku Joni
C. Kugwirira ntchito mwini esiteti ngati lendi ya malo amene munthu akukhalapo
D. Kukakamizidwa kuunda migula m'munda mwako pa lamulo la boma

Yankho: C. Yankho A ndi mtengatenga, D ndi malimidwe. Pano pakhoza kudzuka mwana nkunena kuti kwawo kuthangata ndi kuthandizana. Musamukhazike pansi, akunena zoona. Mawuwa anali abwino, a anthu othandiza mfumu kapena mnzawo pa ntchito ya kumunda. Eni maesiteti anatenga mawu omwewo nkuwaveka ntchito yokakamiza pa dothi limene anthu ambiri anabadwirapo. Nchifukwa chake funsoli ndaliyamba ndi mawu akuti "pa maesiteti a azungu", ndipo musawadumphe powerenga.

5. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anapha kapitawo wamkulu wachizungu wa esiteti ya Bruce ku Magomero. Dzina lake anali ndani?
A. David Livingstone
B. Robert Laws
C. William Jervis Livingstone
D. Joseph Booth

Yankho: C. Chaka chilichonse ndimaona ana akuthamangira A atangomva dzina loti Livingstone. David anamwalira mu 1873 kwa Chitambo. Laws anali ku Livingstonia, ndipo Booth ndi yemwe anapita ndi Chilembwe ku America mu 1897.

6. M'kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, dandaulo lake lalikulu linali lotani?
A. Kuphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia
B. Kutenga anthu akuda kuti akafe pa nkhondo ya azungu yosawakhudza
C. Kusamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe
D. Kuletsedwa kwa chipani cha Nyasaland African Congress

Yankho: B. Poyamba ndinaika thangata ndi msonkho ngati mayankho olakwa, koma ndinafufuta. Zimenezo zinkamuwawadi Chilembwe, ndiye mwana wozisankha tikanamulakwira pomumana malikisi. Atatu otsalawa ndi olakwa poyera, chifukwa zonsezo zinachitika iye atagona kale m'manda. Anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915.

7. Pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944 anali ndani?
A. Levi Mumba
B. Orton Chirwa
C. Hastings Kamuzu Banda
D. James Sangala

Yankho: A. Gulu losankha Sangala muliyamikire ngakhale laphonya, chifukwa iye anagwira ntchito yaikulu poyambitsa bungweli, koma mpando anaukhala pambuyo pake. Kamuzu anali ku Britain nthawi imeneyo, anabwerera kuno pa 6 Julayi 1958. Orton Chirwa ndi wa Malawi Congress Party, imene inayamba mu 1959 Kamuzu ali m'ndende.

8. Likulu la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linali kuti?
A. Zomba
B. Lusaka
C. Blantyre
D. Salisbury

Yankho: D, kumene lero timati Harare.

9. Mayi uti anatsogolera amayi mu Nyasaland African Congress, nkutsekeredwa ku ndende ya Zomba mu 1959 ali ndi khanda m'manja?
A. Ida Chilembwe
B. Rose Chibambo
C. Cecilia Kadzamira
D. Joyce Banda

Yankho: B. Ngati muli ndi K200 m'thumba, itulutseni ana aone nkhope yawo.

10. Pa 3 Malichi 1959, asilikali anawombera khamu la anthu limene linasonkhana kudzalanditsa anzawo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Izi zinachitikira kuti?
A. Chileka
B. Gwelo
C. Nkhata Bay
D. Monkey Bay

Yankho: C. Monkey Bay ndaiika chifukwa nayo ndi doko, ndipo mwana wongomva "sitima" akhoza kugwera pomwepo. Ku Gwelo nkumene anakatsekera Kamuzu mpaka pa 1 Epulo 1960. Funso ili muliwerenge mofatsa, ndipo opambana asaimbe nthungululu. Anthu amene anagwa pa dokolo ndi amene tikuwakumbukira lero.

Funso lodula mlandu, ngati magulu afanana malikisi:

11. Ndi gulu liti lofufuza limene linabwera zipolowe za mu 1959 zitachitika, nkunena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi?
A. La Monckton
B. La Bledisloe
C. La Abrahams
D. La Devlin

Yankho: D. La Monckton linabwera mu 1960 kudzaona tsogolo la Chitaganya, la Bledisloe ndi la mu 1938, ndipo la Abrahams linafufuza nkhani za malo mu 1946. Apa palibe kukambirana, woyamba kukweza mkono ndiye ayankhe. Akaphonya, malikisi apite kugulu linalo.